Kandulo Isanatseke, Denga Silinabowoke

"Zikomo achimwene. Nthawi iliyonse mtengo ukadutsa mzere wanga wa pamwamba ndimagula, koma posakhalitsa umabwerera pansi n'kundidyera ndalama. Kodi ndingadziwe bwanji kuti bulekiauti ndi yeniyeni?"

Kalata yanuyi, achimwene, yofunsa za bulekiauti, kutanthauza mtengo kubowola denga lake pa tchati ya malonda, yanditengera ku usiku wa Lamlungu kuchera Lolemba pa 4 Disembala 2023, umene sindiukumbuka ndi mtima wabwino. Golide anali atagunda denga la madola pafupifupi 2,075 katatu konse, mu Ogasiti 2020, mu Marichi 2022 ndiponso mu Meyi 2023, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera pansi. Usiku umenewo, misika ya ku Asia itangotsegula, mtengo wa XAUUSD, womwe ndi mtengo wa golide m'madola, unalumpha mpaka kupitirira 2,130. Ine ndinali maso, foni ili m'manja, ndipo nditaona kandulo yobiriwira ya pa tchati, yosonyeza kukwera kwa mtengo, ikutalika ngati nsungwi ndinadziuza kuti chimene anthu adikira zaka zitatu chachitika ine ndikuona. Ndinagula pa 2,110 ndi loti ya 0.05, yomwe ndi maaunsi asanu, kutanthauza kuti dola iliyonse imene mtengo wasuntha inkandipatsa kapena kundilanda madola asanu. Sitopulosi, oda yotseka malonda yokha mtengo ukatsika, sindinaike, poganiza kuti denga lakale lija lasanduka pansi pondichirikiza.

Kutacha mtengo unayamba kutsetsereka, ndipo ndinatuluka pa 2,050 nditataya madola 300. Kandulo ya tsikulo inatsekera pafupi ndi 2,030, pansi pa denga lomwe lija, n'kusiya chingwe chachitali pamwamba pake. Chingwe chimenecho ndi malo amene mtengo unangofikako koma msika unakana kukhalako, pamene thupi la kandulo limasonyeza pomwe ogula ndi ogulitsa anasiyana nthawi itatha. Ine ndinagula chingwe ndikuyesa thupi, chifukwa kandulo imene sinatseke imaoneka yonenepa mpaka pamene ogulitsa ayiphwetsa.

Pamenepa ndiumirira, ngakhale ena atsutse: munthu amene wajambula mzere wake pa tchati ya D1, ya makandulo a tsiku lathunthu, alibe chifukwa chogamulira nkhani pa M15, ya makandulo a mphindi khumi ndi zisanu. Mzere wa zaka zitatu sungathyoledwe ndi kandulo ya mphindi khumi ndi zisanu. Kandulo ya tsiku kwa mabuloka ambiri imatseka 5 koloko madzulo ku New York, yomwe kuno ndi 11 koloko usiku kapena 12 koloko malinga ndi nyengo ya kumeneko, ndipo amene sangathe kudikira ora limenelo akuchita juga, osati malonda. Golide yemweyo anadzabowoladi denga kumayambiriro kwa Marichi 2024, pamene pa 4 Marichi anatsekera pamwamba pa 2,100 ndi thupi lodzaza komanso chingwe chachifupi, masiku otsatira n'kumatsekerabe pamwamba, mpaka mu Epulo anadutsa 2,400. Amene anadikira anagula modulirapo pang'ono, ndipo umenewo ndi mtengo wa kudikira, koma ndi wochepa poyerekeza ndi madola 300 anga aja.

Za voliyumu

Ambiri amaphunzitsidwa kuti voliyumu ikakwera ndiye kuti bulekiauti ndi yoona, koma chiphunzitsochi n'choperewera. Voliyumu imangonena kuti anthu ambiri achita malonda, sinena kuti wapambana ndani, popeza aliyense wogula ali ndi womugulitsa. Pamwamba pa denga lodziwika pamaunjikana masitopulosi a ogulitsa komanso maoda a ogula odikira, choncho mtengo ukangokhudza pamenepo onse amaphulika nthawi imodzi, voliyumu n'kukwera, ndipo amalonda akuluakulu ofuna kugulitsa katundu wochuluka amapeza ogula okwanira. Voliyumu yaikulu pa kandulo yotsekera pansi pa mzere ndi chenjezo loopsa kuposa voliyumu yaing'ono, chifukwa ikusonyeza kuti ogula onse aja amezedwa.

Dziwaninso kuti msika wa ndalama zakunja ulibe likulu limodzi lowerengera malonda, motero chimene Volumes ya pa pulogalamu ya malonda ya MetaTrader imakusonyezani nthawi zambiri ndi kuchuluka kwa nthawi zimene mtengo wasintha kwa buloka wanu, osati kuchuluka kwa golide wogulidwa. N'chothandizabe poyerekeza kandulo ndi zinzake za ora lofanana, koma voliyumu yeniyeni ya golide imaoneka pa makontirakiti a golide a GC a pa msika wa COMEX ku New York.

Chimene ndimachita tsopano n'chachidule. Ndimadikira kandulo ya tchati imene ndinajambulapo mzere kuti itseke, thupi lake litatuluka bwino pamwamba ndipo chingwe chili chachifupi kuposa thupilo. Kenaka ndimaona ngati voliyumu yake yaposa ndi theka kapena kuposerapo voliyumu ya makandulo 20 apitawo. Mtengo ukabwerera kudzakhudza mzerewo voliyumu itachepa, ndimagula pamenepo, sitopulosi n'kuika pansi pa kandulo yobowola ija. Ukatsekeranso m'kati mwa mzere, ndimatuluka osadikira kuti sitopulosi igundidwe.