Mpira wa mu filipibuku wanga ukuyenda ngati loboti

"Ndajambula mpira ukunjanja pa mapepala 20, koma ndikamatsegula ukungotsika ndi kukwera pa liwiro limodzimodzi ngati loboti, nthawi zina ukuoneka ngati mipira iwiri. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, ndikuganiza munatenga rula nkusiya mpata wofanana pakati pa chithunzi chilichonse. Vuto ndi limenelo basi. Mu filipibuku, kabuku ka zithunzi komwe mumakatsegula mofulumira ndi chala kuti zizioneka ngati zikuyenda, mapepala amadutsa pa chala pa liwiro lofanana, ndiye chimene chimapanga liwiro la mpira ndi mpata womwe mwasiya. Zithunzi zikayandikana mpira umayenda pang'onopang'ono, zikatalikirana umathamanga.

Chinthu chikamagwa chimayamba mwaulesi kenako nkumawonjezera liwiro, ndipo mipata yake imakula motere: 1, 3, 5, 7, 9, 11. Ndiye tayesani izi. Pepala loyamba mpira uli pamwamba, lachiwiri utsitseni milimita imodzi yokha (inde imodzi, muona ngati simunasunthe kanthu koma siyani choncho), lachitatu mamilimita atatu kuchoka pomwe unali, kumapita choncho mpaka pepala la 7 wagunda pansi utatsika mamilimita 36. Pepala la 8 muujambule utaphwatalala pang'ono ngati wapondedwa, koma pepala limodzi lokha, mukachulutsa uzioneka ngati wamatirira pansi. Pokwera bwererani chammbuyo ndi mipata ya 9, 7, 5, 3, 1, ufika pa mamilimita 25 basi chifukwa mpira subwerera pomwe unachokera. Mapepala 13 amenewo ndi sekondi imodzi ndi kanthu, poti makatuni ambiri ojambula pamanja amakhala ndi zithunzi 12 pa sekondi ngakhale filimu imayenda 24.

Za mipira iwiri zija. Chithunzi chikachoka, diso ndi ubongo zimachisungabe kwa kanthawi kochepa kwambiri, nchifukwa chake simuona kudukiza pakati pa mapepala. Koma kuyenda kwenikweniko ndi ubongo womwe umalumikiza kuti mpira uwu ndi womwe uja, wangosuntha. Mpata ukakula kwambiri kuyerekeza ndi mpirawo ubongo umakana, mumangoona iwiri ikuphethira. Ine ndimajambula mpira wa mamilimita 12 kapena kuposa kuti zithunzi zotsatana zizikhudzanako.

Ponena zojambula, yambani pepala lapansi penipeni nkumabwera pamwamba, kuti chithunzi chapitacho chizionekera pansi pa pepala latsopano, pensulo yokha kaye, bolopeni pambuyo. Jambulani chakumapeto komwe chala chimagwira, chifukwa pafupi ndi kilipi yomangira mapepala sipatseguka. Komanso mapepala akamadumpha awiriawiri ndiye kuti m'mphepete simunafanane, masulani kilipi, muwagogode patebulo kumbali yotsegulira mpaka alingane, nkumanganso.

Kaseweredwe aka si katsopano ayi, John Barnes Linnett wa ku England anakalembetsa ngati kake mu 1868. Mukamaliza tayesani kujambulanso mpira womwewo koma osauphwatalalitsa, ndipo ukwere mipata ya 3 ndi 1 yokha. Muuona ukulemera ngati mwala.