Chigayo uli kunja: mboni yako ndi mita ya magetsi

Chikondi: Malume, ndasunga kandalama kuno ku Cape Town ndipo ndikufuna kutsegula chigayo kwathu ku Mponela, aziyendetsa Yamikani. Inu chanu mumachiyang'anira bwanji muli ku Joni? Ndingadziwe bwanji kuti ndalama zikufika zonse popanda kuyambana ndi mchimwene wanga?

Malume (mawu ojambulidwa pa foni): Eee Chikondi, ndakumva mwana wanga. Ndayankhira pa gulu pompano dala kuti Yamikani ndi amayi ako amve nawo, pasakhale zokambirana kumbali.

Chigayo chili ndi ubwino umodzi umene golosale kapena minibasi ilibe. Chili ndi mboni yosanama, ndiyo mita ya ESCOM. Chimanga sichingasanduke ufa mota osadya magetsi. Ndiye ukadziwa kuti yunitsi imodzi imagaya matini angati pa chigayo chakocho, ukhoza kukhala ku Cape Town konko n'kumadziwa ntchito imene yagwirika ku Mponela, ngakhale munthu asakuuze.

Umachita chonchi. Chigayo chikangoikidwa, sabata yoyamba pakhale munthu wongowerenga basi. Ngati ungathe kupita wekha ndi bwino, apo ayi utume munthu amene sadzagwira nawo ntchito pamenepo. M'mawa asanayatse alembe mayunitsi amene ali pa mita, tsiku lonse azichonga tini iliyonse yolowa, madzulo alembenso mita. Azisiyanitsa matini okonola ndi ogaya, chifukwa makina awiriwo sadya magetsi mofanana, ndiponso mgaiwa umalemetsa mota kuposa mphale yonyika. Pakutha pa sabata uli ndi muyeso wako. Changa chili ndi mota ya mahosipawa 30, ndipo chimayenda pafupifupi matini awiri pa yunitsi imodzi. Usatengere nambala yangayo, chako uyeze pachokha.

Tsopano tiyerekeze sabata ina mita yadya mayunitsi 300. Pa muyeso wa matini awiri, uyembekezere matini 600 kapena kuchepera pang'ono. Ukaona m'buku mwalembedwa 570, palibe nkhani, chifukwa chigayo chimazungulira chopanda kanthu podikira munthu kuthira. Koma ukapeza 430, matini 170 asowa. Ngati tini mukugayitsa K1,000, ndiye K170,000 sabata imodzi yokha. Ubwino wake, muyesowu sudalira nyengo. Mu Juni anthu atakolola matini amachuluka, mu Januwale amachepa, magetsi akathima tsiku lonse ndalama kulibe, koma zonsezo zimatsitsa mayunitsi ndi matini pamodzi. Chokudetsa nkhawa ndi pamene mayunitsi akutha koma matini sakuoneka.

Apa ndiye ndimvetsetse bwino, chifukwa mabanja ambiri amayambanira pamenepa. Kusiyanako sikutanthauza kuti wina waba. Uyambe wafunsa za makina. Mahamala akatha, chimanga chimazungulira nthawi yaitali chisanasweke, magetsi n'kumapita. Sefa ikatsekeka ndi chimanga chosauma, chimodzimodzi. Malamba akakhwepa, mota imalira koma ntchito yochepa. Umuuze Yamikani atsegule, ajambule mahamala ndi sefa pa vidiyo. Vuto la makina limadziwika chifukwa muyeso umatsika pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ndipo mukatembenuza mahamala kapena kugula ena umabwerera mwakale. Ukatsika mwadzidzidzi masiku ena okha, makamaka tsiku la msika kapena tsiku limene Yamikani kunalibe, pamenepo pali matini ogayidwa osalembedwa. Nthawi zambiri ndi achibale ndi anansi ogaya ulere, "ndi cha mwana wathu ichi". Nthawi zina ndi woyendetsa makina amene amayatsa usiku, kapena wina walumikiza waya wa shopu yowotcherera zitsulo kuseri kwa mita yanu.

Kuti mboniyo igwire ntchito, mayunitsi uzigula iwe mwini pa foni kudzera ku akaunti ya kubanki, n'kutumiza nambala ya tokeni. Asagule pa ndalama za m'kabati. Ndipo madzulo alionse azikutumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp: mita, tsamba la buku la tsikulo, ndi uthenga wosonyeza kuti ndalama zalowa. Zithunzi, osati mawu akuti "lero zinayenda bwino". Ndalama zisagone pachigayo. Aziika pa Airtel Money kapena Mpamba madzulo omwewo, kenako zizipita ku akaunti ya bizinesi imene iwe umaiona pa foni yako. Ndalama ikagona m'thumba masiku atatu, pabwera maliro, pabwera wodwala, ndipo Yamikani sangakanize azakhali ali pakhomo. Si kuipa mtima ayi, ndi mmene tinaleredwera.

N'chifukwa chake ine ndinapatula thumba la banja. Mwezi uliwonse pali ndalama yodziwika imene imachoka pa phindu kupita kwa achemwali, ndipo zovuta zonse za pamudzi zimadutsira kumeneko. Ogaya ulere nawonso tinagwirizana: nyumba ya agogo ndi ya achemwali, matini akutiakuti pamwezi, ndipo amalembedwa m'buku ngati ena onse, pambali pake n'kulemba kuti "aulere". Iwenso chita chomwecho ndi amayi ako, ndipo unene wekha pamaso pa onse, kuti mchimwene wako akamakana azitha kunena kuti lamulo ndi la mwini wake.

Yamikani umulipire. Ndikubwereza, umulipire, ndipo mulemberane papepala, amayi ako ndi munthu wina wapadera asayine ngati mboni. Malipiro a pamwezi, kuonjezerapo gawo la phindu, mwina K10 pa K100 iliyonse yotsala mutachotsa magetsi, malipiro ndi zokonzetsa. Munthu amene akupuma fumbi la ufa tsiku lonse pongouzidwa kuti "ndi zathu zomwe" amayamba kudzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona kuti walakwa. Koma asagwire zonse yekha. Wolandira ndalama ndi kudula lisiti akhale wina, woyendetsa makina wina, ndipo woyendetsayo asathire tini yopanda lisiti. Madeya nawonso muwalembe, chifukwa oweta nkhumba ndi nkhuku amagula, ndipo ndi ndalama imene imasowa mosavuta.

Za mapepala, dzina la bizinesi ulembetse kwa Registrar General m'dzina lako, utenge TPIN ku MRA, ndi chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya Dowa. Mita ya ESCOM, malisiti a makina ndi kalata ya malo, zonse dzina lako. Ngati malowo ndi a banja, mulemberane kwa amfumu usanathire simenti. Ndipo usagule mota usanatsimikize kuti pamalopo pali magetsi a mafezi atatu ndiponso kuti thiransifoma ili pafupi, chifukwa kukoka mawaya kungakudyere ndalama yoposa ya chigayo.

Potumiza ndalama zoyambira, usatumize zonse pakamodzi pa Mukuru n'kumati zikadikire kumudzi. Ukukumbukira Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga makwacha anapeza mitengo ya makina yathawa. Sunga marandi ako konko, uzitumiza pa gawo pa gawo: maziko, uone chithunzi ndi malisiti, kenako khoma, kenako denga. Makina ulipire mwachindunji kwa ogulitsa, Yamikani akangotenga katundu.

Yamikani, ngati ukumva, Loweruka upite ku Mponela ukajambule malowo pamodzi ndi mapolo a magetsi ali pafupi, ufunsenso zigayo zina za pamenepo kuti tini akugayitsa zingati. Ukatumiza, ine nditumiza chithunzi cha tsamba la buku langa kuti muone mmene timalembera mizere yake.