Imelo ya Ndalama za Inshuwalansi Mnzathu Akamwalira Kuntchito

"Mnzathu wa kuntchito kuno ku Zomba anatisiya sabata yatha. Abwana andiuza kuti ndilembe imelo kwa antchito onse yofotokoza m'mene ndalama za inshuwalansi ya moyo ya gulu zimatengedwera. Ndilembemo chiyani?"

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Chiganizo choyamba cha imelo yanu chinene kuti ofesi ndi imene idzapempha ndalamazo m'malo mwa banja. Mgwirizano wa inshuwalansi ya gulu uli pakati pa olemba ntchito ndi kampani ya inshuwalansi, choncho fomu yopemphera ndalama imadzazidwa, kusainidwa ndi kudindidwa ndi ofesi yanu. Imelo yongoti "abale apite ku inshuwalansi" imachititsa mayi wamasiye kukwera minibasi mpaka ku Blantyre, n'kukauzidwa kuti abwerere kwa abwana a malemu. Kumeneko n'kuzunza anamfedwa, ndipo ofesi yochita zimenezi ilibe chodzikanira.

Chinanso, musasakanize ndalamazi ndi chipepeso, ndalama za bokosi kapena penshoni. Malamulo a penshoni, kuyambira la mu 2011 mpaka la mu 2023 limene linalowa m'malo mwake, amakakamiza olemba ntchito kuika wantchito wa pa penshoni pa inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Malipiro ake ndi aja amawerengerapo penshoni, osati kuphatikiza maalawansi onse. Tiyerekeze kuti malemu amalandira K450,000 pa mwezi. Pa miyezi 12 ndi K5,400,000. Ngati ofesi inagula inshuwalansi ya malipiro a zaka ziwiri, zikhala K10,800,000. Koma kampani ya inshuwalansi kawirikawiri imawerengera pa malipiro amene ofesi inaiuza komaliza. Ngati malemu anakwezedwa kuchoka pa K380,000 ndipo palibe anatumiza mndandanda watsopano, pabwera K4,560,000, banja liperewedwa K840,000. Musanalembe chilichonse, funsani a zachuma zinthu ziwiri: malipiro amene ali pa mndandanda wa inshuwalansi ndi ati, ndipo ndalama zolipira inshuwalansiyo zilibe ngongole? Pakakhala ngongole, kampani ikhoza kuimitsa kapena kukana kulipira. Chiwerengero cha ndalama za malemu musachiike m'imelo ya anthu onse. Chikatuluka m'ofesi chimafika kumudzi usiku womwewo.

Apa ndi pamene pali nkhani ya fomu yosankha olandira, imene wantchito amalembapo maina ndi gawo la aliyense. Ndalama zimatsata fomu imeneyo. Ngati malemu analemba theka kwa akazi awo ndi theka lotsala kwa ana awiri, pa K5,400,000 ija mayi alandira K2,700,000, mwana aliyense K1,350,000, ndipo za ana aang'ono zimasungidwa kapena kuperekedwa kudzera mwa wowalera wovomerezeka. Amalume kapena mwini mbumba sangasinthe zimenezi pa siwa, ngakhale atabwera ndi kalata ya amfumu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo loteteza chuma cha masiye la mu 2011. Vuto lalikulu ndi fomu yakale. Munthu anadzaza ali mbeta kapena ali pa banja loyamba, analemba mayi ake amene anamwalira kale, ana obadwa pambuyo mulibe. Zikatero, kapena fomu ikasowa, oyang'anira thumba la penshoni amayamba kufufuza amene ankadalira malemu, ndipo miyezi imatha. Ine ndimati ofesi imene siikumbutsa antchito chaka chilichonse kukonzanso fomuyi ili ndi gawo pa mkangano wa banjalo. Ikani m'imelomo chiganizo chopempha aliyense kudzaona yake mwezi uno.

Zoti banja libweretse

Chiphaso cha imfa chochokera ku bungwe la kalembera la NRB ndicho chofunika kwambiri. Ngati anamwalirira ku chipatala, monga ku Zomba Central, lipoti la imfa limayambira komweko. Ngati anamwalirira kunyumba, amfumu amachitira umboni, kenako banja lipite ku ofesi ya kalembera kwa bwanamkubwa wa boma. Imfa ya ngozi imafunanso lipoti la apolisi. Pakhale makope a ziphaso za unzika za malemu ndi olandira, zikalata za kubadwa kwa ana, ndi akaunti ya banki ya m'dzina la wolandira mwiniwake. Ofesi iwonjezere pepala la malipiro a mwezi womaliza.

Yerekezani maina pa mapepala onse chilembo ndi chilembo, chifukwa dzina likasiyana pang'ono fayilo imabwezedwa kuti pakhale kalata yolumbira. Dziwitsani kampani ya inshuwalansi lero lomwe, mapepala asanakwane, popeza mgwirizano umakhala ndi nthawi yoikika yonenera imfa. M'imelomo tchulani munthu mmodzi wa m'ofesi amene banja lizilankhula naye, nenani kuti palibe cholipira, ndipo ngati ndalama zachedwa popanda chifukwa, dandaulo limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi.