Kuchoka pa viza ya sukulu kupita pa chilolezo cha ntchito ku Tete

"Ndine Mmalawi, ndikumaliza maphunziro kuno ku Tete ndipo kampani ina ya ku Moatize ikufuna kundilemba ntchito. Ndingasinthe mapepala osatuluka m'dziko?"

Achimwene, mbali imodzi imatheka muli konkuno, koma inayo musaidalire. Mapepala ndi awiri. Chilolezo cha ntchito chimachokera ku ofesi ya zantchito, ndipo wokapempha ndi bwana wanu, osati inuyo. Chimenecho chimatha inu muli phee ku Tete. Koma viza ndi DIRE, chiphaso cha mlendo chokhalira m'dziko, ndi za a SENAMI, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo viza ya ntchito kawirikawiri imatengedwa ku ofesi ya kazembe wa Mozambiki kunja kwa dziko. Ine anandibweza ndi fayilo yanga m'khwapa, mpaka ndinadutsa pa Zobwe kukadinditsa ku Blantyre.

Musanavutike ndi zonsezi, afunseni a kampaniyo ngati malo a alendo adakalipo. Kampani ya antchito oposa 100 imaloledwa alendo 5 pa 100 aliwonse. Ngati ali ndi antchito 200, ndiye kuti alendo 10 basi. Akakhala kuti akwana kale, bwana ayenera kupempha chilolezo chapadera ndi kusonyeza kuti mbadwa zodziwa ntchitoyo zikusowa, ndipo pamenepo mabwana ambiri amayamba kuzengereza.

Musayambe ntchito pa viza ya sukulu, ngakhale akuuzeni kuti "tikonza pambuyo". Kontrakiti ikangotuluka, pitani nayo ku SENAMI pamodzi ndi pasipoti masiku a viza yanu ya sukulu asanathe. Ngati atha kale, onanani kaye ndi loya wodziwa malamulo a alendo, chifukwa chindapusa chake amawerengera tsiku lililonse.