Foni yatsopano yotchipa kapena yapamwamba yogwirapo kale ntchito: ikhalitse ndi iti kuno ku Chigwa cha Shire?

“Ndimakhala ku Ngabu ndipo ndasankhidwa kukachita maphunziro a zaka zinayi. Ndalama zimene makolo andipatsa zikukwanira kugula foni yatsopano yotchipa ya 4GB RAM, 128GB ndi batire ya 5000mAh, kapena Samsung Galaxy S21 yogwirapo kale ntchito imene wina akugulitsa ku Limbe. Sindidzapezanso ndalama ina msanga. Ndigule iti kuti indifikitse kumapeto?”

Pa mafoni awiri amenewa ndingakulangizeni kuti mugule yatsopanoyo, ngakhale ndikudziwa kuti mukaziika pamodzi patebulo, S21 ndi imene ingakukopeni, chifukwa imathamanga kwambiri, imajambula zithunzi zokongola ndipo sikirini yake ndi yowala bwino. Chifukwa changa ndi chakuti chimene chimayamba kufa m’foni si liwiro lake koma batire, ndipo batire imakalamba ndi zinthu ziwiri, kutchaja ndi kutentha. Choyambacho S21 imeneyo yadutsamo kale kwa zaka zingapo m’manja mwa munthu wina, ndipo chachiwiricho ikachipeza chikuidikira ikangotsika phiri kufika pa Thabwa.

Tiyambe ndi kutchaja. Batire za mafoni amakono ndi za lithiyamu, ndipo nthawi iliyonse imene mwagwiritsa ntchito moto wokwana batire yonse, kaya mwaumaliza kamodzi kapena pang’onopang’ono, batireyo imataya kachigawo ka mphamvu yake kamene sikabwereranso. Kampani ya Apple inkanena za mafoni ake mpaka iPhone 14 kuti batire imatsala ndi maperesenti pafupifupi 80 a mphamvu yake ikatchajidwa motero maulendo 500, ndipo chiwerengero chimenechi chingatithandize kuyerekeza batire za mafoni enanso, ngakhale sizifanana ndendende. Munthu amene amamaliza batire tsiku lililonse amakwanitsa maulendo 500 asanathe chaka ndi theka. Galaxy S21 inatuluka mu Januwale 2021 ili ndi batire ya 4000mAh. Tikaikomera mtima n’kunena kuti yatsala ndi maperesenti 80, ndiye kuti mukugula batire ya 3200mAh, imene ipitirize kutsika kuchokera pamenepo. Yatsopano ija ikuyambira pa 5000mAh, ndipo ikadzatsika kufika pa maperesenti 80 omwewo, mwina muli m’chaka chachiwiri, idzakhala ndi 4000mAh, mphamvu imene S21 inali nayo tsiku limene inkatuluka m’bokosi. Onjezanipo kuti pulosesa ya foni yapamwamba imadya moto wambiri kuposa ya foni yotchipa, muona kuti kusiyana kwake n’kwakukulu kuposa mmene manambalawa akusonyezera. Batire yofooka imakukakamizaninso kutchaja kawiri pa tsiku, choncho maulendo aja amachuluka mofulumira ndipo kukalambako kumathamanga.

Kutentha ndiye nkhani yathu yeniyeni, ndipo n’chifukwa chake malangizo amene mnzanu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu angakupatseni sakwanira kuno. Opanga mafoni ambiri amalemba kuti foni igwiritsidwe ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pamene ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40 m’miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo m’nyumba ya malata yopanda siling’i masana kumakhala koposa pamenepo. Batire ya lithiyamu imawonongeka msanga kwambiri ikakhala yodzaza komanso yotentha pa nthawi imodzi. Taonani mmene zimakhalira pamalo otchajitsa mafoni pamsika magetsi akathima m’makomo: mafoni khumi kapena kuposerapo agonekedwa mothithikana pa thabwa limodzi, ena ali m’zikwama zawo za labala, pansi pa denga la malata, ndipo yodzaza kale imakhalabe pa chaja mpaka mwini wake adzabwere madzulo. Batire yatsopano imapirira zimenezi kwa nyengo, koma yakale imayamba kutupa. Mudzaidziwa poona chivundikiro cha kumbuyo chikutukuka kapena sikirini ikunyamuka m’mbali, ndipo foni imayamba kuzima yokha ikusonyeza kuti moto ulipo maperesenti 20 kapena 30. Ikafika potupa musaipanikize kapena kuitchajanso, chifukwa ikhoza kuyaka. Kumene netiweki ndi yofooka foni imalimbanso kufunafuna nsanja ya Airtel kapena TNM, ndipo pochita zimenezo imatentha ndi kudya moto ngakhale ili m’thumba.

Mwina munganene kuti batire imasinthidwa, ndipo n’zoona. Vuto ndi lakuti mabatire ambiri amene amagulitsidwa kwa okonza mafoni si a kampani yeniyeni, ndipo nambala yolembedwa pamwamba pake siitsimikizira mphamvu imene ili m’kati. Kuwonjezera apo, kuti batire ya S21 ichoke, wokonza amatenthetsa chivundikiro n’kumatula guluu amene amaletsa madzi ndi fumbi kulowa, ndipo akamata kachiwiri foniyo singadaliridwenso pa madzi monga mmene chizindikiro cha IP68 chinkalonjezera. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu a kuno, amene anaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, amakopeka akamva kuti foni siilowa madzi, pamene foni yakale imene simukudziwa ngati inatsegulidwapo muyenera kuitenga ngati foni ina iliyonse.

Sikirini nayo ili ndi mbali yake. S21 ili ndi sikirini ya AMOLED, ndipo ikasweka, yeniyeni imadula kwambiri moti ophunzira ambiri amangoisiya foniyo m’sutikesi kapena kuikitsa sikirini yotchipa imene nthawi zambiri siiwerenganso chala potsegula foni. Mafoni otchipa a Tecno, itel, Infinix ndi Samsung a m’gulu la A la pansi ambiri ali ndi sikirini ya LCD, imene okonza mafoni amaipeza mosavuta ku Blantyre pa mtengo woti wophunzira angaukwanitse. Pa zaka zinayi za kukwera kabaza ndi kukankhana m’minibasi, foni idzagwa ndithu, choncho imene imakhalitsa ndi imene mungathe kuikonzetsa ikagwa.

Komabe foni yatsopano yotchipa ili ndi imfa yakeyake, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Iyo siifa ndi batire yokha komanso ndi kuchepa kwa malo. Foni ya 2GB RAM ndi 32GB imagwira bwino ntchito miyezi yoyamba, koma mukalowa m’magulu a WhatsApp a kalasi, mmene mumabwera manotsi a PDF, mawu ojambulidwa ndi mavidiyo tsiku lililonse, malo amadzaza, foni imayamba kuganiza nthawi yaitali musanatsegule chilichonse, ndipo mukachoka pa chikalata kupita pa WhatsApp n’kubwerera, mumapeza chikalatacho chatsekeka. Foni yotere imakhala ya moyo koma yosathandiza pa sukulu, ndipo yogwirapo kale ntchito yabwino ingaipose kutali. Yanuyo ya 4GB ndi 128GB ili pamwamba pa malire amenewa, malinga ngati 4GB imeneyo ndi yeniyeni. Pamabokosi ambiri amalemba 4GB+4GB kapena 8GB yokhala ndi kanyenyezi, ndipo chiwerengero chowonjezeracho si RAM yeniyeni koma malo osungira zinthu amene foni yabwereka, amene ndi ochedwa kwambiri. Ngati bokosi lalemba 2GB+2GB, foniyo ndi ya 2GB basi. Tsegulani Settings, pitani pa About phone, kapena pa Device care kenako Memory ngati ndi Samsung, muone nambala yoyamba musanapereke ndalama. Funsaninso ngati ili ndi malo a memore khadi, amene S21 ilibe.

Za maapudeti a chitetezo ndinene mwachidule. Samsung inalonjeza S21 zaka zisanu, zimene malire ake ndi kumayambiriro kwa 2026, choncho maphunziro anu onse kapena mbali yaikulu mudzachita ndi foni imene yasiyidwa. Siidzaleka kugwira ntchito tsiku limenelo, ndipo WhatsApp imagwirabe pa mafoni akale kwambiri kuposa imeneyi, koma pa foni imene mudzasungirapo ndalama za Airtel Money kapena Mpamba ndi chinthu choyenera kuchiganizira. Makampani a mafoni otchipa nawo amasiyana kwambiri pa nkhaniyi: ena salonjeza zambiri, pamene Galaxy A16 ya mu 2024 inalonjezedwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Yankho langa lingasinthe mutapeza foni yapakatikati imene yagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri zokha, ya 6GB RAM kapena kuposerapo ndi batire ya 5000mAh, makamaka ngati mwini wake mukumudziwa ndipo ali ndi lisiti. Imeneyo ikhoza kuposa zonse ziwiri zimene mwatchula. Ngati mupita kukaona yotere, kapena mtima wanu wakakamira pa S21, musagule muli chiimire pakhonde la sitolo. Khalani nayo mphindi 30. Yambani ndi kuimba nambala iyi kuti muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, muifananize ndi ya pabokosi kapena palisiti, chifukwa foni yobedwa ikhoza kukufikitsani kupolisi:

```
*#06#
```

Pa Samsung imbaninso iyi, imene imatsegula malo oyesera sikirini, zokuzira mawu ndi makamera:

```
*#0*#
```

Sankhani mitundu yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, muyang’ane ngati pali mzere kapena zithunzithunzi za zilembo zimene zinapserera pa sikirini, kenako yesani Touch pokoka chala m’mbali zonse. Ikanimo simu khadi yanu muimbire munthu, chifukwa mafoni ena ochokera kunja amakhala otsekeredwa ku netiweki ya dziko lina. Kenako lembani maperesenti a batire, muonere vidiyo kwa mphindi 30 kuwala kuli pakatikati. Ngati yatsika ndi maperesenti opitirira 10, kapena kumbuyo kwatentha kovuta kugwira muli pamthunzi, ine ndingaisiye, kapena ndingachotse mtengo wa batire ina pa mtengo wa foniyo. Chomaliza, wogulitsayo achotse akaunti yake ya Google ndi ya Samsung inu mukuona, afufute zonse, ndipo inu mulowetse akaunti yanu musanalipire. Foni imene yafufutidwa akaunti isanachotsedwe imafunsa mawu achinsinsi a mwini wake wakale, ndipo mukazindikira zimenezi mutafika kale ku Ngabu, ulendo wobwerera ku Limbe ndi wanu.

Mukagula yatsopanoyo, sungani lisiti ndi bokosi, ndipo mufunse kuti walanti yake ndi ya miyezi ingati komanso mungakaikonzetse kuti ikavuta. Muziitchaja m’mawa kapena usiku kukazizira, mutaivula chikwama, ili pa simenti kapena patebulo osati pa matilesi, ndipo musaonere mavidiyo ili pa chaja. Ngati ili ndi malo oletsa kutchaja kupitirira maperesenti 80 kapena 85, amene pa Samsung amalembedwa Battery protection kapena Protect battery, muwatsegule m’miyezi yotentha, n’kumadzaza batire yonse pokhapokha pamene muli ndi ulendo kapena mukuyembekezera kuti magetsi athima. Ngakhale mutaisamala chotere, yembekezani kuti cha m’chaka chachitatu idzafuna batire ina, choncho muyambiretu kupatula kandalama ka ntchito imeneyo.