Timayeso ta Lachisanu akukhoza, koma moko yawagwetsa

"Aphunzitsi, ndimaphunzitsa Bayoloje Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera. Lachisanu lililonse ndimapereka kamayeso ka mafunso khumi, ndipo ana ambiri amapeza 8 kapena 9. Moko itabwera, theka la kalasi silinafike ndi pa 40 pomwe. Kodi ndizifunsa mafunso ovuta kwambiri? Ndiyambire pati kuti timayeso tanga tizifanana ndi mayeso a MANEB?"

Mayi aphunzitsi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa yandikumbutsa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa chaka changa chachitatu pa ntchito. Ankakhala kutsogolo, kope lake la notsi linali laukhondo kuposa langa, ndipo pa timayeso tanga sankatsika pa 9. Ndinafika powauza makolo ake kuti mwana uyu abweretsa 1 kapena 2 pa MSCE. Zotsatira zitatuluka anali ndi 7. Anabwera kusukulu, sanalire, anangondifunsa mwaulemu kuti, "Sala, zimene zinabwera zija tinaphunzira liti?"

Funso limenelo linandisowetsa tulo, chifukwa mitu yonse tinaiphunzira. Silabasi ndinaimaliza. Tchuthi chimenecho ndinatulutsa timayeso tonse timene ndinapereka chaka chonse, n'kuika pambali pake mapepala akale a MANEB. Mitu inali yomweyo ndithu. Koma mafunso anga pafupifupi onse ankayamba ndi mawu ofanana: tchulani, perekani tanthauzo, lembani mayina a ziwalo pa chithunzi ichi. Chithunzicho chinalinso chomwecho cha m'notsi. Chaka chonse ndinkamuyesa mwanayo pa kukumbukira kokha, ndipo iye anachita zonse zimene ndinamupempha. Amene sanachite ntchito yake ndinali ine.

N'chifukwa chake mawu akuti "ovuta" ndimawaopa. Funso likhoza kukhala lovuta koma lili la kuloweza basi. Mukafunsa dzina la kachiwalo kamene kanangotchulidwa kamodzi m'munsi mwa tsamba, ana ambiri alakwa, inu muona ngati mwakhwimitsa mayeso, pamene mwangowauza kuti aziloweza zambiri kuposa kale. Chimene chimasiyanitsa mafunso ndi ntchito imene mutu wa mwana ukugwira poyankha. Tonse amene tinadutsa ku koleji ya zauphunzitsi tinamva za Benjamin Bloom ndi anzake, amene mu 1956 anasanja kaganizidwe m'magawo asanu ndi limodzi. Tinawaloweza magawowo kuti tikhoze mayeso athu, ndipo ambiri a ife sitinawagwiritsenso ntchito. Ine pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndimagwira atatu okha: kukumbukira, kugwiritsa ntchito, ndi kusanthula.

Ndikuonetseni ndi osimosisi, popeza nonse mumaiphunzitsa. Funso la kukumbukira ndi lija mukulidziwa: perekani tanthauzo la osimosisi. Mwana alemba kuti ndi kuyenda kwa madzi kuchokera kumene ali ochuluka kupita kumene ali ochepa, kudutsa pa kakhungu kamene kamalola zina kudutsa n'kutsekereza zina. Akhoza kulemba zonsezi bwinobwino osamvetsa kalikonse.

Funso la kugwiritsa ntchito limamupatsa chinthu chimene simunachilembe pa bolodi. Mlimi wathira feteleza wambiri pafupi kwambiri ndi tsinde la chimanga, nthaka ili ndi chinyontho chochepa, ndipo patapita masiku ochepa chimangacho chafota. Fotokozani chifukwa chake. Mwana aliyense wa kumudzi anaonapo chimanga chopsa ndi feteleza, koma apa ayenera kuzindikira yekha kuti nkhani ndi ya osimosisi, chifukwa liwulo mulibe m'funso. Ayenera kulumikiza kuti feteleza wasungunuka m'madzi ochepa aja, madzi a m'nthaka akhala ndi mchere wambiri kuposa a m'maselo a mizu, ndiye madzi akutuluka m'mizu m'malo molowa, maselo afwefwa, mbewu yafota. Chimene chikuyesedwa kwambiri ndi kuzindikira kuja. Mukalemba pamwamba pa kamayeso kuti mutu wa lero ndi osimosisi, mwamuchitira kale theka la ntchito.

Funso la kusanthula limamupatsa manambala n'kumusiya nawo. Tinene kuti mwadula zidutswa zinayi za mbatatesi, chilichonse magalamu 5.0, n'kuziviika m'madzi opanda shuga, a shuga 5 peresenti, a 10 ndi a 15. Pambuyo pake zikulemera 5.6, 5.2, 4.9 ndi 4.6. Mwana awerengetse kusintha kwa chidutswa chilichonse mwa peresenti: choyamba chakwera ndi 12, chachiwiri ndi 4, chachitatu chatsika ndi 2, chachinayi chatsika ndi 8. Ajambule gilafu. Kenako mumufunse kuti ndi madzi a shuga wochuluka bwanji amene mbatatesi singalemere kapena kupepuka. Yankho silili pa tebulo. Lili pamene mzere ukudutsa pa ziro, pafupi ndi 8 peresenti, ndipo ayenera kunena tanthauzo lake: pamenepo madzi olowa ndi otuluka akufanana. Mukhoza kuwonjeza kuti n'chifukwa chiyani zidutswazo amazipukuta asanaziike pa sikelo, kapena chikanachitika n'chiyani mbatatesiyo ikanakhala yophika. Mwana woganiza aona kuti kutentha kumawononga kakhungu ka selo, ndiye kusefa kuja kulibenso.

Mtsikana wanga uja sanakumanepo ndi funso lachiwiri kapena lachitatu m'manja mwanga. Tsiku loyamba kuona tebulo lotere linali tsiku la mayeso enieni, wotchi ikuyenda.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimandiwawa. M'masukulu ambiri teremu yomaliza ya Fomu 4 imathera pa mapepala akale, ndipo timati tikuwazoloweretsa ana mafunso oganiza. Koma funso la kusanthula limakhala la kusanthula kamodzi kokha. Mukalikonza pa bolodi, ana n'kukopera yankho, mawa lasanduka la kukumbukira. Ndawaonapo ana ali ndi timabuku ta mafunso ndi mayankho, akuyimba mayankho a mafunso a gilafu ngati ndakatulo. Ndimakana ndithu kuti kumeneko ndi kukonzekera. Pepala lakale ntchito yake ndi kukuonetsani inu mphunzitsi mmene mafunso amamangidwira, kuti mumange anu atsopano. Sinthani mbatatesi ikhale chinangwa, shuga akhale mchere, manambala akhale ena. Kwa mwana, pepala lakale lili ndi phindu lonse tsiku limene akuliona koyamba, yekha, buku lili chitsekere.

Chinanso ndi mafunso osankha yankho pa zinayi. Ndikudziwa chifukwa chake timawakonda: kalasi ya ana 80 simungaichonge ndime ndi ndime mlungu uliwonse, muli ndi makalasi ena atatu. Koma kuzindikira yankho lolondola litalembedwa kale n'kosiyana ndi kulitulutsa m'mutu n'kulilemba m'Chingerezi chomveka. Pa Bayoloje ya MSCE mwana amalemba yekha mayankho, amajambula, amawerengetsa. Ana athu ambiri akhoza kukufotokozerani za feteleza uja m'Chichewa mosakayika, koma cholembera chikafika papepala ziganizo zimathawa. Ngati sanayeserepo kulemba kufotokoza kwa malikisi anayi, sangayambire m'chipinda cha mayeso.

Musandimve ngati ndikunyoza kuloweza. Mwana amene sadziwa tanthauzo la osimosisi sangalione m'chimanga chofota. Mutu ukangoyamba kumene, mafunso a kukumbukira achuluke, palibe cholakwika. Cholakwika ndi kufika mwezi wa moko mudakali pomwepo.

Mmene mungadziwire pamene pathyoka

Mapepala a moko aja musangowabweza. Tengani khumi, a ana amene amakhoza timayeso tanu, ndipo muyang'ane kumene malikisi anatayikira. Mwana akasiya malo opanda kanthu pa funso la tanthauzo, ndiye kuti sanawerenge. Akalemba tanthauzo lolondola la osimosisi pansi pa funso la feteleza, osatchula mizu kapena nthaka, ndiye kuti mfundo ali nayo koma sadziwa kuinyamula kupita nayo ku chinthu chatsopano. Akangobwereza manambala a pa tebulo, kuti pa 5 inali 5.2 ndipo pa 10 inali 4.9, osanena chimene chikuchitika, vuto ndi kusanthula. Ndipo ngati mafunso omaliza onse ali osayankhidwa, ndi nthawi imene inamuthera. Mavuto anayiwa mankhwala ake ndi osiyana, koma pa lipoti onse amaoneka ngati 38 basi. Palinso chizindikiro chimene mungachione Lachisanu lomwe likubwerali: ngati ana akumaliza kamayeso kanu mu mphindi zisanu, osafufuta paliponse, palibe amene anaima kuti aganize.

Tsono chochita ndi ichi. Pezani mapepala a MANEB a zaka zitatu zapitazi, onse, ndi la zochitachita lomwe. Pa kagawo kalikonse ka funso lembani K ngati ndi kukumbukira, G ngati ndi kugwiritsa ntchito, kapena S ngati ndi kusanthula, podzifunsa kuti mwana wanga amene waloweza notsi zonse angayankhe izi osaganiza? Musadalire mneni woyamba yekha, chifukwa "fotokozani" akhoza kukhala kuloweza ngati kufotokozako kuli kale m'notsi. Kenako phatikizani malikisi, osati mafunso, popeza funso limodzi la gilafu likhoza kulemera kuposa matanthauzo asanu. Chitaninso chimodzimodzi ndi timayeso tanu, muone kusiyana kwake.

Gawo limene mwapeza ndi limene mulitsate. Mwachitsanzo, mukapeza kuti pa malikisi khumi alionse anayi ndi a K, anayi a G, awiri a S, kamayeso ka malikisi 20 kakhale ndi 8, 8 ndi 4. Gawaninso mphindi za pepala lenileni ndi malikisi ake, kuti mudziwe nthawi yopereka. Sakanizanimo mutu umodzi wa Fomu 3 osawauza. Mafunso afupiafupi ana asinthane makope n'kuchongerana, inu muchonge la kusanthula lokha, ndipo ngati kalasi ndi yaikulu, mzere umodzi mlungu uno, wina mlungu wamawa. Polemba zotsatira musalembe nambala imodzi, lembani zitatu.

Malikisi atsika, mwina mpaka theka, milungu yoyambirira. Auzeni ana ndi ahedi musanayambe, kuti asaone ngati kalasi yabwerera m'mbuyo. Ndipo funso la mbatatesi lija, ngati muli ndi sikelo, makapu anayi ndi shuga pang'ono, lichiteni kaye ndi manja Lachinayi, kenako Lachisanu muwapatse manambala ena.