Amphaka awiri akuda: kuyamba Chisipanishi ndi mwana pakhomo

"Bambo a mwana wanga ali pa sukulu ku Madrid, ndipo chaka chamawa tikuwatsatira. Mwanayo ali ndi zaka zinayi. Ndikufuna ayambiretu manambala, mitundu ndi mayina a nyama m'Chisipanishi, koma akangoona makadi amathawa. Inenso Chisipanishicho ndikungoyamba kumene. Nditani?"

Mayi, makadiwo ayambe apuma m'kabati. Tolani zitsekerero za mabotolo khumi, zofiira, zobiriwira ndi zoyera, mutenge ndi mbale. Sabata yoyamba musapitirire pa zisanu: uno, dos, tres, cuatro, cinco. Mwana aziponya chitsekerero m'mbale, chikalira ngwee, nonse mutchule nambala. Mphindi zisanu zakwana, ndipo muzisiya iye akadafuna.

Pali msampha umene makolo ambiri timagweramo. Mwana amaloweza msanga mpaka diez, kutanthauza khumi, ngati ndakatulo, alendo n'kumuombera m'manja, koma asakudziwa kuti tres ndi zinthu zingati. Muyeseni chonchi: tambasulani dzanja munene kuti "dame tres", kutanthauza ndipatse zitatu. Akatapa zonse n'kukukhuthulirani, kapena akayamba kulakatula kuchokera pa uno osaima, bwererani pa ziwiri ndi zitatu. Akamakupatsani zolondola masiku angapo motsatizana, onjezani seis, koma siete adikire tsiku lina, chifukwa awiriwa amayamba mofanana ndipo ana amawasokoneza.

Za katchulidwe musade nkhawa kwambiri. Chisipanishi chili ndi a, e, i, o, u zomveka ngati zathu zomwe. Chimene chimatigwira ife ndi chizolowezi chomata lembo kumapeto: dos amasanduka "dosi", azul, mtundu wabuluu, n'kukhala "azulu". Lidulireni pomwe lathera, ndipo pa azul mphamvu ili kumapetoko. Rojo, mtundu wofiira, amamveka ngati "roho", h wake wokanda pakhosi, ndipo amarillo, mtundu wachikasu, ndi "amariyo". Ku Madrid c wa cinco ndi z wa azul amawatchula lilime lili pakati pa mano, pomwe ku Mexico ndi ku Colombia amangoti s. Inu tchulani s, adzakumvani, ndipo mwanayo zinazo akatola kwa anzake. Koma r ndiye musamusekerere. Kwathu r ndi l timasinthanitsa popanda vuto, pomwe uko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Sewerani kuliza njinga yamoto ndi lilime, rrrr, ndipo akalephera musamukakamize, ana a komweko nawonso liwu limeneli amachedwa nalo.

Mitundu yambani ndi itatu ya zitsekerero zija: rojo, verde, blanco. Ikani zovala za mitunduyi pansi motalikirana, mufuule mtundu, iye athamange akaponde. Kenako musinthane, azifuula ndi iye, inu muzilakwitsa dala. Mwana wa mng'ono wanga liwu loyamba limene analitchula yekha linali lokalipira ine nditaponda chofiira iye atati verde.

Nyama zimalowa ndi kulira kwake, ndipo apa ndi pamene pali nyimbo. Simufunika kusaka yatsopano. Tengani chuni cha nyimbo imene mumamuimbira kale, inu muzitsogolera iye azivomera: el perro, "guau guau"; el gato, "miau"; la vaca, "muu". Tambala wa kumeneko, el gallo, sati kokoliliko, amati "kikiriki". Muziimba dzina limodzi ndi el kapena la wake nthawi zonse, ngati kuti ndi liwu limodzi.

Chifukwa chake chimaoneka mukaphatikiza zitatuzi, pamene ine ndimati ndi pokoma penipeni. Ife timati mphaka wakuda koma ng'ombe yakuda. Chisipanishi nachonso chimasintha, kungoti chimasinthira kumapeto, motsatira el kapena la uja: gato negro, vaca negra. Mtundu umabwera pambuyo pa nyama ngati kwathu, choncho mukamamasulira m'mutu, chokerani ku Chichewa osati ku Chingerezi. Nambala yokha ndiyo imatsogola: amphaka awiri akuda ndi dos gatos negros. Verde ndi azul sasamala za el kapena la, amangosintha zikachuluka, verdes, azules. Uno naye akakhala patsogolo pa nyama amasintha: un gato, una vaca.

Malamulowa ndi anu, mwanayo musamufotokozere. Jambulani limodzi ng'ombe ndi amphaka pa katoni, muzipake utoto, mudule, mubise pabalaza, kenako mumutume: "dame dos vacas negras". Akabwera nazo n'kunena kuti "dos vaca negro", landirani mosangalala muyankhe kuti "sí, dos vacas negras", masewero apitirire. Madzulo bambo ake akaimba foni ya kanema, mwanayo akhale wotuma, iwo azinamizira kusaka ng'ombezo m'chipinda chawo ku Madrid.